Ndime ya Agogo ndi Ngolo: Kukonza Pepala la Ntchito Yoika Mpumiro, Mpatuliro ndi Nkhodolero

M'masukulu ambiri a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ntchito yoika zizindikiro za m'kalembedwe imaperekedwa motere: mphunzitsi amatenga ndime iliyonse ya m'buku, n'kuilemba pabolodi yopanda zizindikiro, n'kuuza ana kuti aikemo. Ana akafunsa kuti adziwa bwanji poika, yankho limakhala lakuti, "Werengani mokweza, pomwe mwapuma pang'ono ikani mpatuliro, pomwe mwapuma kwambiri ikani mpumiro." Ine langizo limeneli sindigwirizana nalo. Mwana wa Sitandade 5 yemwe akuwerengabe modumphadumpha amapuma paliponse pomwe wakumana ndi mawu aatali. Yemwe kunyumba amayankhula Chisena, Chichewa n'kumakumana nacho kwambiri m'kalasi, amapuma pomwe akufuna kuganizira tanthauzo. Kupuma koteroko kumaonetsa pomwe mwanayo akuvutika, osati pomwe chiganizo chathera. Ndipo nkhodolero siimveka n'komwe pa kupuma.

Pepala labwino la ntchito imeneyi limayamba ndi ndime yomwe mwailemba nokha mwadala, yoti chizindikiro chilichonse chikhale ndi chifukwa chomwe mwana angathe kuchinena ndi pakamwa pake. Tiyeni titenge ndime imodzi tiyende nayo mpaka pochonga. Nayi momwe mwana angaipezere papepala:

*Loweruka mmawa agogo anapita kumsika wa ku Bangula ndi mbale wawo anagula mchere sopo mbale ziwiri ndi chingwe cha ngombe ulendo wobwerera unavuta chifukwa madzi anadzaza mdambo ngolo itatitimira mmatope ngombe zinakana kukoka mlimi wina mnzawo wa agogo anabwera nkuwathandiza anafika mmudzi dzuwa litapendeka pangono nchifukwa chake agogo sakonda kuyenda pangolo mvula ikagwa*

Ndimeyi ili ndi mawu 53. Ikakonzedwa imatuluka ndi ziganizo 7, ndipo zizindikiro zofunika zilipo 22: mipumiro 7, mipatuliro 5 ndi nkhodolero 10. Kwa ana a Sitandade 5 kapena 6 kukula kumeneku n'kokwanira. Ndime ikapitirira mawu 80 mwana amatopa asanafike pakati, ndipo zomwe mumachonga kumapeto kwake zimakhala kutopa, osati kusadziwa.

Onani kuti zilembo zazikulu zoyambira ziganizo zachotsedwa, koma za mayina zasiyidwa. Mukasiya zilembo zazikulu zonse, mwapereka kale mayankho a mipumiro, chifukwa mwana amangoyang'ana chilembo chachikulu n'kudontheza kadontho kumbuyo kwake osawerenga liwu ndi limodzi lomwe. Mukazichotsa zonse, mwaonjeza ntchito ina yomwe simunafune kuyesa, ndipo nthawi zina mwasokoneza tanthauzo. Dzina la boma la Nsanje likalembedwa ndi chilembo chaching'ono limasanduka nsanje ya mumtima, Lolemba limasanduka lolemba. N'chifukwa chake Loweruka ndi Bangula zatsala momwe zilili. Bangula ali pakati pa chiganizo mwadala. Mwana amene waika mpumiro pambuyo pa "ku" wakuuzani yekha kuti akutsata chilembo chachikulu, sakutsata ganizo.

Mpumiro ndiwo uyenera kuyamba, ndipo ana azimaliza mipumiro yonse asanakhudze china chilichonse. Mpatuliro umagwira ntchito m'kati mwa chiganizo, ndiye sungaikidwe bwino ndi munthu yemwe sanadziwe pomwe chiganizocho chayambira ndi pomwe chathera.

Njira yothandiza ndi kuyamba ndi aneni. Ana adule mzere kunsi kwa liwu lililonse lonena zochitika. M'ndime yathu apeza 14: anapita, anagula, unavuta, anadzaza, itatitimira, zinakana, kukoka, anabwera, kuwathandiza, anafika, litapendeka, sakonda, kuyenda ndi ikagwa. Aneni 14 koma ziganizo 7, ndipo phunziro lonse la mpumiro lagona pa kusiyana kumeneku. Chichewa chimatha kupanga chiganizo chathunthu ndi liwu limodzi. "Anapita." Ndi chiganizo chimenecho, mwininkhani ali momwemo mu a- woyambirirayo. Choncho kutalika sikungamuthandize mwana. Chomuthandiza ndi kuzindikira aneni omwe sangaime paokha. Kukoka, kuyenda ndi kuwathandiza amayamba ndi ku-, alibe mwininkhani wawowawo, amatsamira pa mneni wina. Itatitimira ndi litapendeka ali ndi -ta- pakati, ikagwa ali ndi -ka-, ndipo onsewa amasiya womvera ali m'malere.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Mwana mmodzi awerenge kachigawo komwe akuti ndi chiganizo, mnzake amvetsere. "Ngolo itatitimira m'matope." Ngati womvera akukakamizika kufunsa kuti, "Ndiye kunachitika chiyani?" ndiye kuti chiganizo sichinathe, mpumiro suyenera pamenepo. Malo amenewa, pambuyo pa "matope", ndi pomwe muyembekezere mipumiro yambiri yolakwika, chifukwa liwu lotsatira ndi ng'ombe, dzina latsopano, ndipo mwana amaona ngati nkhani yatsopano yayamba. Kulakwa kumeneku ndi kwa mwana amene akuganiza. Wazindikira kuti pali malire, wangolephera mtundu wa malirewo. Ndi wosiyana kwambiri ndi yemwe waika mpumiro pakati pa "dzuwa" ndi "litapendeka".

Anadzaza ndi mneni woti akhoza kuima payekha, koma pano wamangidwa ndi "chifukwa". Liwu limeneli lili kawiri m'ndimemu. M'chiganizo chachitatu likulumikiza: ulendo unavuta chifukwa madzi anadzaza. Pamenepo palibe mpumiro. M'chiganizo chomaliza labwera ngati "n'chifukwa chake", ndipo likutsegula chiganizo chatsopano chomanga nkhani yonse. Ana ambiri amaphunzitsidwa kuti chiganizo sichiyamba ndi "chifukwa", ndiye akafika apa amaopa kuika mpumiro. Ndi bwino kukambirana nawo malo awiriwa moyandikanitsa.

Pali chinthu china chomwe wokonza pepala ayenera kuchita yekha asanapatse ana. Werengani ndime yopanda zizindikiroyo ngati munthu yemwe sanaonepo mayankho, ndipo pamalire aliwonse yesani kusuntha mpumiro liwu limodzi kutsogolo kapena kumbuyo. Tiyerekeze kuti chiganizo chachitatu chikadakhala chakuti, "Pobwerera anapeza madzi atadzaza m'dambo." Chikumveka bwino, mwinanso kuposa chomwe tasankhachi. Koma zizindikiro zikachoka, mwana akhoza kulemba kuti, "Anagula mchere, sopo, mbale ziwiri ndi chingwe cha ng'ombe pobwerera. Anapeza madzi atadzaza m'dambo, ngolo itatitimira m'matope. Ng'ombe zinakana kukoka." Palibe cholakwika pamenepa. Chichewa chake n'chabwinobwino, ndipo mwanayo wawerenga mwanzeru. Mukamuthetha chifukwa chakuti sizikufanana ndi pepala lanu la mayankho, mwamuphunzitsa kuti zizindikiro ndi nkhani yolota zomwe zili m'mutu mwa aphunzitsi. Mawu onena nthawi kapena malo, monga pobwerera, madzulo, tsiku limenelo, ali m'njira, amatha kumamatira ku chiganizo cha kumbuyo kapena cha kutsogolo. Musawaike pamalire. Yambani chiganizo ndi mwininkhani watsopano, monga "ulendo wobwerera", kapena ndi mneni woti sangalowe m'chiganizo chapitacho.

Tsopano nkhodolero, yomwe ndi gawo lolemera kwambiri la pepalali. Ana amaiona ngati chizindikiro chimodzi chokhala ndi lamulo limodzi, pomwe m'ndime yathu ikugwira ntchito zinayi zosiyana, ndipo iliyonse ili ndi kayesedwe kake.

Yoyamba ndi ya ng'. Apa palibe chilembo chomwe chachotsedwa. Nkhodolero ndi mbali ya kalembedwe ka liwu lotulukira m'mphuno lomwe timamva mu ng'ombe, ng'ona, ng'anga, pang'ono ndi m'dzina la Amang'anja. Kusiyana kwake ndi ng wamba kumamveka ndi khutu: mu ngolo, ngozi, ngongole ndi Ngabu mumamveka g yemwe ali mu galu, pomwe mu ng'ombe mulibe. Ana a m'chigwa chino sasowa zitsanzo. Ng'oma ndi yoimba, ngoma ndi nyama ya nyanga zopotana ya ku Lengwe ndi ku Majete. M'ndimemu mwaikidwa "pangono" ndi "pangolo" moyandikana, mawu osiyana chilembo chimodzi chokha, kuti maso asathandize. Mwana ayenera kutchula kuti adziwe kuti loyamba ndi pang'ono ndipo lachiwiri likhala momwe lilili. Cholakwika chofala si kuiwala nkhodoleroyi koma kuiika pamalo ena: n'gombe, pan'gono. Mukaona zimenezi, dziwani kuti mwanayo wasakaniza ng' ndi n' wa ntchito ina ija tifikepo. Muuzeni kuti n ndi g sizilekana, nkhodolero imabwera zonse ziwiri zitadutsa.

Yachiwiri ndi m' wonena malo, yemwe wachokera ku mu: m'dambo, m'matope, m'mudzi, komanso m'mawa, momwe akunena nthawi. Aphunzitsi ambiri amati, "Yesani kubwezeretsa u. Ngati zikumveka, ikani nkhodolero." Vuto lake n'lakuti mwana akayesa "mulimi" kapena "muchere" zimamumvekera bwinobwino, makamaka akamatchula pang'onopang'ono, ndiye amalemba m'limi ndi m'chere ali ndi chikhulupiriro chonse. Kayesedwe kabwino ndi kuchotsa m n'kuikapo pa kapena ku. Padambo, kudambo. Pamatope. Kumudzi. Zonsezi ndi Chichewa, ndiye m uja ndi wa malo, nkhodolero ikufunika. Yesani ndi mchere: pachere, kuchere. Mlimi: palimi. Mvula: kuvula, lomwe ndi liwu ndithu koma lonena zovula malaya, osati malo. Apa m ndi mbali ya dzina lenilenilo, sachoka. M'mawa yekha ndiye salowa bwino m'kayesedwe kameneka, ndipo ndi bwino kungomuphunzitsa pambali pa mawa, kuti ana aone kuti mawa ndi tsiku lotsatira pomwe m'mawa ndi nthawi ya tsiku.

Ena amaphunzitsa kuti chotsani m, ngati chotsala ndi liwu, ikani nkhodolero. Zimagwira pa m'dambo ndi m'mudzi, koma zimagwa pa mawu ngati mpanda, pomwe chotsala ndi panda, kapena mdima, pomwe chotsala ndi dima. Tanthauzo la malo liyenera kukhalapo. Dziwaninso kuti dzina likayamba kale ndi m woima payekha ngati phatikizo, monga mtsinje, mtengo, msika, timalemba mu yense: mumtsinje, mumtengo, mumsika. "Kumsika" ali m'ndimemu pa chifukwa chimenechi. Ena alemba kum'sika, ndipo mudzakhala ndi poyambira kukambirana.

Yachitatu ndi n' wochokera ku ndi: n'kuwathandiza, n'chifukwa. Apa kubwezeretsa kumagwira bwino. Ndi kuwathandiza, ndi chifukwa chake. Nkhuku si "ndi khuku", nkhuni si "ndi khuni", ndipo mayina ngati Nchalo ndi Nsanje salandira nkhodolero.

Yachinayi ndiyo ndimaikonda kuposa zonse, chifukwa imamukakamiza mwana kuwerenga chiganizo chonse. "Mbale" walembedwa kawiri mofanana ndendende. Woyamba ndi munthu, wachiwiri ndi chodyera. M'bale ali ndi maphatikizo atatu, m-ba-le, chifukwa m akuima payekha, pomwe mbale ali ndi awiri, mba-le. Ana awombe m'manja potchula, amva okha. Koma papepala mwana sakumva liwulo, ndiye adziwa bwanji loti atchule? Ayang'ane mgwirizano. "Wawo" ndi wa munthu. Ikadakhala mbale yodyera tikadati "yawo". "Ziwiri" ndi za zinthu, anthu akadakhala "abale awiri". Yankho lili m'liwu lotsatira. Mlimi ndi mnzawo nawonso ali ndi m woima payekha, koma salandira nkhodolero chifukwa palibe njira ina yowatchulira. Koma pa mb pali njira ziwiri, n'chifukwa chake timalemba m'bale ndi m'busa koma mbale ndi mbuzi. Kwa ana omwe agwira msanga, pepala lotsatira likhoza kukhala ndi mawu onse atatu: mbale, m'bale ndi m'mbale, monga mu "m'bale wanga waika nsomba m'mbale".

Pali mawu ena oti musawaike n'komwe pa pepala lochongedwa. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa adasindikizidwa koyamba mu 1973 ndipo akhala akukonzedwa, monga mu 1990, ndiye mabuku, nyuzipepala ndi Mabaibulo omwe ana amakumana nawo salemba mofanana mawu onse. Mupeza mmene ndi m'mene, mkati ndi m'kati, mmodzi ndi m'modzi. Mwana akalemba momwe adaonera m'buku losindikizidwa, n'kovuta kumuuza kuti walakwa. Tsatani kalembedwe ka buku la ophunzira lomwe mukugwiritsa ntchito m'kalasimo, ndipo mawu okayikitsawa muwasiye kunja kufikira nkhodolero zinayi zija zitakhazikika.

Ndinenenso mwachidule za Chingerezi, popeza ana omwewa amachitanso ntchito yotereyi m'phunziro limenelo. Kumeneko nkhodolero imaonetsanso umwini, kuti chinthu ndi cha uje. M'Chichewa siigwira ntchito imeneyo ngakhale pang'ono, umwini timaunena ndi wa, cha, ya, za. Musapereke mapepala a zinenero ziwirizi sabata imodzi kwa ana omwe akungoyamba.

Mpatuliro ubwere pomaliza, ndipo m'ndime yathu ulipo wa mitundu itatu. Wa mndandanda ndi wosavuta: mchere, sopo, mbale ziwiri ndi chingwe cha ng'ombe. Zinthu zinayi, mipatuliro iwiri, chifukwa "ndi" watenga malo a wachitatu. Funsani ana kuti agogo anagula zinthu zamitundu ingati, awerenge ndi zala. Yemwe walemba "mbale, ziwiri" kapena "chingwe, cha ng'ombe" akupatula mawu m'malo mopatula zinthu, ndipo kuwerenga ndi zala kumamuonetsa kuti ziwiri si chinthu chogulidwa pamsika.

Wachiwiri ndi uja wa pambuyo pa "m'matope". Nthambi yosaima payokha ikatsogola, timaipatula ndi mpatuliro. Ikabwera kumapeto, sitiipatula. Ndimeyi ili ndi mbali zonse ziwiri: "Ngolo itatitimira m'matope, ng'ombe zinakana kukoka" ili ndi mpatuliro, pomwe "Anafika m'mudzi dzuwa litapendeka pang'ono" ndi "sakonda kuyenda pangolo mvula ikagwa" zilibe. Pokambirana mayankho, tembenuzani chiganizo chimodzi pabolodi ana akuona. "Ng'ombe zinakana kukoka ngolo itatitimira m'matope." Mpatuliro wachoka. "Mvula ikagwa, agogo sakonda kuyenda pangolo." Mpatuliro wabwera.

Wachitatu umayenda pawiri: "Mlimi wina, mnzawo wa agogo, anabwera n'kuwathandiza." Mawu a pakatiwo akungofotokoza munthu yemwe watchulidwa kale. Phimbani ndi chala, chiganizo chitsala chathunthu: mlimi wina anabwera n'kuwathandiza. Ana ambiri amaika woyamba n'kuiwala wachiwiri, chifukwa amaona ngati ndi mndandanda wa anthu awiri, ndipo mneni "anabwera" sawathandiza popeza a- ameneyu ndi wa munthu mmodzi komanso wa anthu ambiri. Afunseni kuti anabwera anthu angati. Akadakhala awiri pakadakhala "ndi" pakati pawo. Kwa Sitandade 5 mtundu umenewu ukhoza kukhala wolemera. Mukhoza kuika mipatuliro iwiriyi nokha papepala kuti ana angoiona, n'kuchonga zizindikiro 20 zotsalazo.

Ndime yokonzedwa ikhala motere:

*Loweruka m'mawa agogo anapita kumsika wa ku Bangula ndi m'bale wawo. Anagula mchere, sopo, mbale ziwiri ndi chingwe cha ng'ombe. Ulendo wobwerera unavuta chifukwa madzi anadzaza m'dambo. Ngolo itatitimira m'matope, ng'ombe zinakana kukoka. Mlimi wina, mnzawo wa agogo, anabwera n'kuwathandiza. Anafika m'mudzi dzuwa litapendeka pang'ono. N'chifukwa chake agogo sakonda kuyenda pangolo mvula ikagwa.*

Maonekedwe a pepala amaononga ntchito zambiri zomwe ndime yake inali yabwino. Mpatuliro ndi nkhodolero zolembedwa pamanja ndi kachizindikiro kamodzi komweko, zimangosiyana kuti kena kali pansi, kena kali pamwamba. Mizere ikathinana, mpatuliro wa mzere wapamwamba umagwera pamutu pa liwu la mzere wapansi n'kuoneka ngati nkhodolero, ndipo wochonga sangadziwe chomwe mwana amatanthauza. Siyani mzere wathunthu wopanda kanthu pakati pa mizere yolembedwa. Ngati mukutayipa, zilembo zikhale za saizi 14. Ndime ya mawu 53 yotalikirana chonchi imakwana pa theka la pepala la A4 pamodzi ndi malangizo, ndiye kalasi ya ana 100 ifuna mapepala 50. Makina ochulukitsira mapepala akakhala ndi fumbi pagalasi, ndipo fumbi kuno silisowa, amatulutsa timadontho takuda tofanana ndendende ndi mpumiro. Tulutsani pepala limodzi kaye muliyang'anitsitse musanatulutse onse. Ngati n'kotheka ana aike zizindikiro ndi cholembera cha buluu, kuti zawo zisiyane ndi za makina.

Pochotsa zizindikiro pakompyuta, sungani kaye ndime yokonzedwayo payokha kuti ikhale pepala la mayankho. Mu Word, `Ctrl+H` imatsegula pochotsera chizindikiro chimodzi m'ndime yonse nthawi imodzi, ndipo `Shift+F3` imasintha zilembo zomwe mwasankha kuchoka ku zazikulu kupita ku zazing'ono. Mukatero werenganinso ndi maso, chifukwa kompyuta imakonda kubwezeretsa yokha chilembo chachikulu, komanso nkhodolero imodzi kapena ziwiri zimatha kutsalira. Pomwe panali nkhodolero pasatsale mpata. "Ng ombe" ndi "m dambo" ndi mayankho operekedwa kale.

Kumene kulibe makina, bolodi ligwira ntchito, koma lili ndi misampha yake. Dzanja la mphunzitsi yemwe akudziwa mayankho limasiya lokha mpata waukulu pomwe chiganizo chathera, ndipo limakonda kuyamba mzere watsopano pamalo omwewo. Ana amazindikira msanga zimenezi. Dulani mizere pakati pa ziganizo mwadala, mwachitsanzo mzere woyamba uthere pa "kumsika wa", wachiwiri pa "mchere sopo mbale". Mukatero mudzaonanso ana omwe amaika mpumiro kumapeto kwa mzere uliwonse, omwe amaganiza kuti chiganizo ndi mzere. Ana akopere ndimeyo kamodzi kokha, akudumpha mzere, kenako aike zizindikiro pa zomwe akoperazo. Kuwauza kuti akopere yopanda zizindikiro kenako alembenso yokonzedwa kumadya nthawi yonse, ndipo dzanja limazolowera kulemba "ngombe" kawiri lisanalembe ng'ombe ndi kamodzi komwe. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, ntchito yofuna maso akuthwa ngati imeneyi iikeni m'mawa. Pa phunziro la mphindi 35, kukopera kutenge 8, mipumiro 7, nkhodolero 7, mipatuliro 5, ndipo zotsalazo zikhale zokambirana malo awiri kapena atatu omwe avuta ambiri.

Malangizo a pamwamba pa pepala anene zizindikiro zofunika ndi mayina ake, komanso kuti chilembo chotsatira mpumiro chisinthidwe kukhala chachikulu. Kodi muwauze ana chiwerengero cha zizindikiro? Pa mapepala awiri kapena atatu oyamba, auzeni: mipumiro 7, mipatuliro 5, nkhodolero 10. Mwana amene wapeza mipumiro 11 amabwerera yekha kukafufuza. Pambuyo pake lekani, chifukwa ena amayamba kusaka malo oti angokwanitsa nambala, ndipo akamadzalemba chimangirizo chawo pa mayeso a Sitandade 8 palibe adzawauze kuti mipumiro ikhale ingati.

Kuchonga ndi komwe kumabisa zambiri. Tiyerekeze mwana yemwe wadzipangira lamulo lakuti liwu lililonse loyamba ndi m kapena n wotsatidwa ndi chilembo china chosakhala lembo la liwu lilandire nkhodolero pambuyo pa chilembo choyambacho, kupatula "ndi" yemwe amamudziwa bwino. Alemba m'mawa, m'bale, m'dambo, m'matope, n'kuwathandiza, m'mudzi ndi n'chifukwa, zonse zolondola. Mukawerenga zolondola zokha, wapeza 7 pa 10, ndipo mumupatsa "wakhoza". Koma mwana yemweyo walembanso m'chere, m'bale ziwiri, n'golo, m'limi, m'nzawo ndi m'vula, nkhodolero 6 pomwe sizifunika, n'gombe kawiri, ndipo pang'ono sanalikhudze. Sakudziwa ntchito ndi imodzi yomwe mwa zinayi zija. Mnzake wina wapeza 6 pa 10 popanda choonjeza ngakhale chimodzi: waika ng' zonse zitatu ndi m'dambo, m'matope, m'mudzi, koma wasiya m'mawa, m'bale ndi n' onse awiri. Pamalikisi woyambayo ali patsogolo, koma wachiwiriyu ndi amene akudziwa zomwe akuchita, ndipo chomwe akusowa chikuoneka poyera.

Choncho pa chizindikiro chilichonse lembani manambala atatu m'mbali mwa pepala: zolondola, zosowa, zoonjeza. Chizindikiro choikidwa pamalo olakwika m'liwu loyenera, ngati n'gombe, chiwerengeni ngati chosowa ndipo muchizungulize. Ngati pakufunika malikisi amodzi olemba m'kaundula, chotsani zoonjeza pa zolondola. Mwana woyamba uja atsala ndi 1, wachiwiri akhalabe ndi 6. Auzeni ana za lamulo limeneli asanayambe, chifukwa likadziwika limathetsa lokha khalidwe lomwaza zizindikiro ngati akufesa chitowe. Mpumiro woikidwa pomwe pamafunika mpatuliro, ngati pa "matope" paja, ndimaona kuti usalangidwe kawiri: mpatuliro wasowa, koma mpumirowo musauwerengenso ngati woonjeza. Chilembo chachikulu choiwalika chizungulizeni koma musachotsere malikisi a mpumiro, ndi luso lina loti muliyese palokha.

M'kalasi yaikulu simungachonge makope onse motere tsiku lililonse. Ana asinthane makope n'kuchongerana mipumiro ndi mipatuliro inu mukuonetsa pabolodi, ndipo inu mutenge makope 15 okha, osakaniza a okhoza, apakati ndi ovutika, muwerenge nkhodolero zake mosamala. Lembani ndimeyo papepala lanu, ndipo pa liwu lililonse lomwe mwana walakwa ikani kamzere pamwamba pake. Makope 15 akatha, timizere tidzakhala titaunjikana pa mawu awiri kapena atatu. Tikaunjikana pa mchere, mlimi ndi mvula, ndime ya mawa ikhale ya ziganizo zinayi zokha, mipumiro ndi mipatuliro itaikidwa kale, yodzaza ndi mawu ngati mpunga, mchenga, mlatho, m'ngalande, m'bwato ndi m'thumba, ndipo pambali pa liwu lililonse lomwe mwana walipatsa nkhodolero alembe liwu lomwelo ndi pa kapena ku. Tikaunjikana pa "matope", mawa mubwere ndi ziganizo zisanu zoyamba ndi aneni a -ta- ndi -ka-, monga "Shire akasefukira" ndi "thonje litagulidwa", zoti ana azimalize okha asanaike chizindikiro chilichonse.